Kuphatikiza miyeso ya mu labotale yochokera pa zipangizo zosiyana: mmene mungadziwire polekezera yankho

Chaka chilichonse ndikamachonga malipoti a ophunzira a sayansi ndimakumana ndi mayankho a mitundu iwiri pa funso limodzi lomwelo, lophatikiza kulemera kwa zinthu zoyezedwa pa masikelo osiyana. Wina amakopera zonse zimene kakyuleta yamupatsa, nalemba 134.2156 g. Mnzake, amene anamvapo za madijiti odalirika, kutanthauza madijiti amene chipangizo chayezadi, koma anangogwira mbali imodzi ya nkhaniyo, amalemba 130 g. Onse awiri ayeza bwino, aphatikiza bwino, koma yankho loyenera ndi 134.2 g. Woyambayo akunena zinthu zimene sikelo yake sinamuuze, pomwe wachiwiriyo wataya magalamu anayi amene anayezedwa bwinobwino.

Gwero la vutoli ndi limodzi. Pali malamulo awiri osiyana, ndipo anthu amawasakaniza. Pochulukitsa ndi pogawa timawerenga kuchuluka kwa madijiti odalirika. Pophatikiza ndi pochotsera sitiwerenga madijiti ayi, timayang'ana malo amene dijiti yomaliza ya muyeso uliwonse yaima. Muyeso umene walekezera pafupi kwambiri ndiwo umauza yankho polekezera. Tiyeni titenge chitsanzo chimodzi tiyende nacho kuchokera pa sikelo mpaka m'buku.

Tiyerekeze kuti mukukonza madzi osakaniza ndipo mukufuna kudziwa kulemera kwa zonse pamodzi. Madzi mwawayeza pa sikelo yaikulu imene imalekezera pa 0.1 g, mwapeza 125.4 g. Shuga mwayeza pa sikelo yapakatikati yolekezera pa 0.01 g, mwapeza 8.27 g. Mchere mwayeza pa sikelo ya m'galasi ija, yokhala ndi zitseko zotchinga mphepo, yomwe imafika pa 0.0001 g, mwapeza 0.4836 g. Utoto waufa wayezedwa ndi mnzanu ndipo wakupatsani kapepala kolembedwa 62 mg.

Choyamba: lembani muyeso uliwonse mmene chipangizo chauonetsera

Ntchito imayambira pa sikelo pomwepo, musanaganize n'komwe zophatikiza. Lembani madijiti onse amene akuoneka, kuphatikizapo maziro akumapeto. Sikelo ikaonetsa 8.20 g, lembani 8.20, osati 8.2. Ziro ameneyo ndi umboni wakuti sikelo inayang'ana malo achiwiri pambuyo pa kadontho ndipo inapezapo ziro. Mukamusiya, aliyense wowerenga buku lanu, ngakhale inu nomwe pakapita sabata, adzaganiza kuti munagwiritsa ntchito sikelo yolekezera pa 0.1 g, ndipo adzadula yankho msanga.

Ine ndimapempha ophunzira kulembanso pambali pa nambala iliyonse chipangizo chimene chaipereka. Zimatenga kamphindi kochepa, koma zimathetsa mikangano yambiri pambuyo pake. Pa zipangizo za mizere, monga byuleti kapena silinda yoyezera madzi, palibe sikirini yokuuzani polekezera. Chizolowezi cha m'malabotale ambiri n'chakuti mumawerenga mizere yonse kenako n'kuyerekeza dijiti imodzi ina pakati pa mizere iwiri. Byuleti ya 50 mL imakhala ndi mizere pa 0.1 mL iliyonse, choncho miyeso yake imalembedwa ndi malo awiri pambuyo pa kadontho, monga 23.80 mL. Dijiti yomalizayo ndi yongoyerekeza ndi diso, koma imawerengedwa pakati pa odalirika. M'muyeso uliwonse, dijiti yomaliza ndiyo yokayikitsa pang'ono, ndipo imaloledwa kukhala imodzi yokha.

Chachiwiri: ikani miyeso yonse m'mlingo umodzi

Kapepala ka mnzanu kakuti 62 mg. Nambalayi ilibe kadontho, ndipo munthu wopupuluma akhoza kunena kuti ndiyo yalekezera pafupi kwambiri, kotero yankho lisakhale ndi kanthu pambuyo pa kadontho. Kumeneko n'kulakwa. Miligalamu imodzi ndi gawo limodzi la magawo 1000 a galamu, choncho 62 mg ndi 0.062 g. Muyeso umenewu wafika malo achitatu pambuyo pa kadontho, wapitirira wa shuga ndi wa madzi womwe.

Simungafanizire malo a madijiti pamene milingo ndi yosiyana. Sinthani kaye, ndipo posintha musaonjezere kapena kuchotsa dijiti yodalirika. 62 mg ili ndi madijiti awiri odalirika, 0.062 g ilinso ndi awiri, pakuti maziro a kutsogolowo akungosonyeza pamene pali kadontho. Chenjerani makamaka posintha kuchoka pa mlingo waukulu kupita pa waung'ono. 1.2 kg ikasanduka 1200 g imaoneka ngati yayezedwa mpaka pa galamu imodzi, pomwe sikelo inalekezera pa magalamu 100. N'chifukwa chake ndimakonda kusinthira zonse ku mlingo wa muyeso waukulu kwambiri, kuti pasabadwe maziro osocheretsa.

Zimenezi zimagwiranso ntchito pa manambala olembedwa ndi mphamvu za 10. Ngati muli ndi 3.42 × 10⁻² ndi 5.1 × 10⁻⁴, musafanizire 3.42 ndi 5.1 mwachindunji. Ikani zonse pa mphamvu imodzi: 3.42 × 10⁻² ndi 0.051 × 10⁻². Tsopano zikuoneka poyera kuti woyambayo ndiye walekezera pafupi, ndipo 3.471 × 10⁻² ilembedwa 3.47 × 10⁻².

Chachitatu: ndandalikani manambala, timadontho tilunjikane

Ili ndi sitepe limene anthu amalilumpha chifukwa likuoneka ngati la ana a pulayimale, koma ndilo limaonetsa chifukwa chake lamuloli lili chonchi. Lembani manambala motsikira pansi, kadontho pansi pa kadontho kanzake. Pamalo pamene chipangizo sichinayezepo ikani chizindikiro cha funso, osati ziro.

```
125.4???
  8.27??
  0.4836
  0.062?
```

Yang'anani mzati uliwonse. Mzati woyamba pambuyo pa kadontho uli ndi 4, 2, 4 ndi 0, onse odziwika. Mzati wachiwiri uli ndi funso pamwamba, kenako 7, 8 ndi 6. Mukaphatikiza chinthu chosadziwika ndi 21, zotsatira zake sizidziwikanso. Kuyambira pamenepo kupita kumanja, mzati uliwonse uli ndi funso. Kakyuleta simadziwa zimenezi. Iyo imaika ziro paliponse pamene pali funso, imatenga 125.4 ngati 125.4000, ndipo imakupatsani yankho lalitali popanda kukuchenjezani.

Tsono jambulani mzere wotsika pambuyo pa mzati womaliza wopanda funso. M'chitsanzo chathu mzerewo ukudutsa pambuyo pa malo oyamba a kumanja kwa kadontho. Pamenepo ndi polekezera yankho lanu. Onani kuti muyeso umene walamula ndi 125.4 g, womwe uli ndi madijiti odalirika anayi, osati 0.062 g womwe uli ndi awiri okha. Kuchuluka kwa madijiti kulibe mawu pano.

Mukafuna kudzitsimikizira nokha, yesani izi kamodzi. Sikelo yoonetsa 125.4 g ikutanthauza kuti kulemera kwenikweni kuli penapake pakati pa 125.35 ndi 125.45 g, ngati sikeloyo ili bwino. Chitani chimodzimodzi ndi miyeso inayo, kenako phatikizani manambala onse apansi paokha ndi apamwamba paokha. Apansi akupatsani pafupifupi 134.16 g, apamwamba pafupifupi 134.27 g. Ndiye kuti 134 ndi yotsimikizika, dijiti yotsatira ikuyendayenda pafupi ndi 2, ndipo zotsatira pamenepo sizikudziwika konse. Munthu wolemba 134.2156 g akulonjeza kuti akudziwa kulemerako mpaka pa gawo limodzi la magawo khumi a miligalamu, pomwe kukayika kwake kukuposa pamenepo maulendo mazanamazana.

Chachinayi: phatikizani ndi madijiti onse, mufupikitse kamodzi kokha kumapeto

Ngakhale mwajambula mzere, musadule manambala musanaphatikize. Phatikizani mmene alili:

```
125.4 + 8.27 + 0.4836 + 0.062 = 134.2156
```

Tsopano fupikitsani, kumene ambiri amati kulaunda. Yang'anani zimene zili kumanja kwa mzere. Zikuyamba ndi 1, yomwe ndi yochepera 5, choncho 2 akhala mmene alili. Yankho ndi 134.2 g.

Onani chimene chikanachitika mukanafupikitsa muyeso uliwonse kaye. 8.27 ikanakhala 8.3, 0.4836 ikanakhala 0.5, ndipo 0.062 ikanakhala 0.1. Kuphatikiza ndi 125.4 kukanapereka 134.3 g. Manambala atatu onsewo akwezedwa, ndipo timagawo towonjezerato taunjikana mpaka kusuntha dijiti yomaliza. Pano kusiyanako ndi 0.1 g kokha, koma ndi cholakwa chimene mwachibweretsa nokha ndi cholembera, sikelo ilibe nacho mlandu. Miyeso ikakhala makumi awiri kapena atatu, cholakwa chotere chikhoza kukula ndithu.

Pali kachizolowezi kena koipa kofupikitsa mobwerera m'mbuyo dijiti imodziimodzi. Munthu ali ndi 7.449 ndipo akufuna malo amodzi pambuyo pa kadontho. Amayamba kunena kuti 9 akweza 4 kukhala 5, napeza 7.45, kenako 5 akweza 4 winayo, napeza 7.5. Koma 7.449 ili pafupi ndi 7.4 kuposa 7.5. Dulani kamodzi, poyang'ana zonse zotayidwazo ngati chinthu chimodzi: 49 sanafike theka.

Nanga zotayidwazo zikakhala theka lenileni, monga 2.25 ndendende? Masukulu ambiri amaphunzitsa kukweza, kukhala 2.3. Malabotale ena amatsata njira yosiya dijiti yomaliza ili yogawika ndi 2, kotero 2.25 imakhala 2.2 ndipo 2.35 imakhala 2.4, n'cholinga choti pa miyeso yambiri kukweza ndi kutsitsa kuzilingana. Funsani njira imene ikutsatidwa pamene mukugwira ntchito ndipo musasinthesinthe m'lipoti limodzi. Sinkhani yotayirapo nthawi yambiri, pakuti dijiti imeneyo ndi yokayikitsa kale.

Chachisanu: werengani madijiti odalirika a yankho mutamaliza kuphatikiza

Apa m'pamene kuwerenga madijiti kumabwerera, ngati yankho lanu likukalowa m'masamu ochulukitsa kapena ogawa. 134.2 g ili ndi madijiti odalirika anayi. Tinene kuti mukufuna kudziwa kuti mchere ndi maperesenti angati a zosakaniza zonse. Mugawa 0.4836 ndi kulemera konse, n'kuchulukitsa ndi 100. Pogawapo gwiritsani ntchito nambala yosadula ija, 134.2156, koma muzikumbukira kuti ili ndi madijiti anayi okha odalirika. Ine ndimaika kamzere pansi pa 2 woyamba pambuyo pa kadontho kuti ndisaiwale. Kakyuleta ipereka 0.36031 ndi madijiti ena otsatira. Manambala onse awiri ali ndi madijiti anayi odalirika, choncho yankho ndi 0.3603 peresenti. Nambala 100 ija siyoyezedwa, ndi yongotanthauzira peresenti, ndiye siichepetsa kanthu.

Wophunzira uja analemba 130 g akanapeza 0.37 peresenti. Akanakhala atataya phindu lonse loyezera mchere pa sikelo ya m'galasi, ndiponso yankho lake likanasokonekera pa dijiti yachiwiri yomwe.

Utoto nawo muupezere peresenti yake. 0.062 kugawa ndi 134.2156 n'kuchulukitsa ndi 100 kukupereka 0.04619 ndi zotsatira zake. Tsopano, popeza uku ndi kugawa, madijiti awiri a 0.062 ndiwo akulamula, ndipo yankho ndi 0.046 peresenti. Muyeso womwewo umene unalibe mawu pophatikiza ndiwo ukulamula pogawa. Mukamvetsa chifukwa chake, simudzasokonezanso malamulo awiriwa. Pophatikiza, chofunika ndi kukula kwa kukayika m'magalamu enieni, ndipo miligalamu imodzi ya utoto singafanane ndi 0.1 g ya madzi. Pogawa, chofunika ndi kukula kwa kukayika poyerekeza ndi muyesowo. Miligalamu imodzi pa 62 ndi gawo lalikulu kuposa 0.1 g pa 134.

Musadabwe madijiti odalirika akachuluka kapena kuchepa pophatikiza. 62.3 g kuphatikiza 51.9 g ndi 114.2 g. Miyeso iwiri ya madijiti atatu yabala yankho la madijiti anayi, ndipo palibe cholakwika. Wodula yankholi kukhala 114 g wataya dijiti yabwinobwino.

Kuchotsera: lamulo lomwelo, koma ngozi yake ndi yaikulu

M'labotale timachotsera kawirikawiri kuposa mmene timaphatikizira. Kulemera kwa ufa timakupeza poyeza kambale kali ndi ufa n'kuchotsapo kulemera kwa kambale kopanda kanthu. Madzi otuluka m'byuleti timawapeza pochotsa muyeso woyamba pa womaliza: 23.80 mL kuchotsa 0.35 mL ndi 23.45 mL, malo awiri pambuyo pa kadontho monga mmene miyeso yonse iwiri ilili.

Vuto limabwera manambala awiriwo akayandikana kwambiri. Tinene kuti mwaumitsa madzi m'kambale kuti mupeze zotsalira pansi. Kambale ndi zotsalirazo kakulemera 24.6318 g, kambale kokha kanalemera 24.6092 g. Kusiyana kwake ndi 0.0226 g. Miyeso yonse iwiri inali ndi madijiti odalirika asanu ndi imodzi, koma yankho latsala ndi atatu okha. Madijiti akutsogolo afafanizana, ndipo kukayika kwatsala komweko kumapeto. Simungabweze madijiti otayikawo poika maziro. Masamu onse otsatira adzalekezera pa madijiti atatu.

Tsopano taganizani kuti m'mawa sikelo ya m'galasi inali ndi mzere wa anthu, ndiye kambale kopanda kanthu munakayeza pa sikelo yapakatikati, mwalemba 24.61 g. Madzulo mwapeza mpata pa sikelo ya m'galasi, mwalemba 24.6318 g. Kakyuleta ikuti kusiyana ndi 0.0218 g, nambala yooneka ngati yabwino. Koma 24.61 yalekezera pa malo achiwiri, choncho yankho loona ndi 0.02 g, dijiti imodzi yokha yodalirika. Kulemera kwenikweni kwa zotsalirazo kukhoza kukhala paliponse pakati pa 0.017 ndi 0.027 g. Ntchito ya tsiku lonse yatha mphamvu chifukwa cha muyeso umodzi wa m'mawa. Izi ndaziona zikuchitika kangapo, ndipo zimandimvetsa chisoni chifukwa wophunzirayo amakhala atasamala china chilichonse. Pali chifukwa chinanso choyezera zonse ziwiri pa sikelo imodzi: sikelo ikakhala kuti imaonjezera pang'ono nthawi zonse, choonjezeracho chimafafanizika pochotsera, koma masikelo awiri osiyana sakupatsani mwayi umenewo.

Chizindikiro chokuchenjezani n'chosavuta kuona. Yankho la kuchotsera likayamba ndi maziro pamene miyeso yoyambayo inali ndi manambala akuluakulu, imani kaye muwerenge madijiti otsala musanapitirire.

Maziro osocheretsa

Nambala ngati 200 mL simanena yokha pamene yalekezera. Kodi ndi 200 yoyezedwa mpaka pa mililita imodzi, kapena ndi madzi ongothiridwa m'bika mpaka pa mzere wolembedwa 200? Yankho lili pa chipangizo, n'chifukwa chake ndinati muzilemba dzina lake pambali. Mizere ya pa bika ndi yongoyerekezera, ndipo kawirikawiri ikhoza kuphonya ndi maperesenti asanu, omwe pa 200 mL ndi mamililita khumi. Mukathira 10.00 mL ya madzi ndi pipeti m'madzi a m'bika amenewo, simungalembe 210.00 mL. Muyeso wa bika walekezera pa malo a makumi, kumanzere kwa kadontho, ndiye mzere wanu wodulira udutsa pamenepo. Yankho ndi 210 mL yokhala ndi madijiti awiri odalirika, ndipo njira yolilembera mosasiya chikayiko ndi 2.1 × 10² mL. Anthu ambiri amaloweza lamuloli ngati la malo a pambuyo pa kadontho okha, naiwala kuti polekezera pakhoza kukhala pa makumi kapena pa mazana.

Ziro wina wovuta ndi amene kakyuleta imameza. 12.35 g kuphatikiza 7.65 g, sikirini ionetsa 20 basi. Inu lembani 20.00 g. Miyeso yonse iwiri inafika malo achiwiri, ndiye yankho lifikenso pomwepo. Apa kufupikitsa kulibe, ntchito yanu ndi kubwezera maziro amene makina ataya.

Mu Excel ndi mapulogalamu ena otere muli misampha iwiri. Mukalemba 8.20 m'kabokosi kamene simunakakonze, pulogalamu imaonetsa 8.2, ndipo umboni wa sikelo uja watayika. Konzani kaye kuti kabokosi kalikonse kazionetsa malo oyenera muyeso wake. Msampha wachiwiri ndi wakuti kuchepetsa malo oonekera sikusintha nambala yosungidwa mkati. Zimenezi n'zabwino pa masamu apakati, chifukwa madijiti onse amasungika. Mukafuna kuti yankho lomaliza lifupikitsidwe zenizeni, lembani:

```
=ROUND(SUM(B2:B5),1)
```

Nambala 1 yakumapetoyo ndi malo amodzi pambuyo pa kadontho. Pulogalamu siingakusankhireni nambala imeneyo. Muisankha ndinu, mutayang'ana miyeso yanu. Ndipo kabokosi kofupikitsidwako kakhale kolembera lipoti kokha; masamu otsatira azitenga nambala yosadula.

Pamene lamuloli limaperewera

Lamulo la malo ndi njira yachidule yoyerekezera kukayika, ndipo ndi bwino kudziwa malire ake. Limaganiza kuti dijiti yomaliza ya chipangizo ndiyo yokha yokayikitsa. Sikelo imene sinaikidwe pamalo osalala, kapena imene papita nthawi yaitali isanayesedwe ndi miyala yoyezera yodziwika kulemera kwake, ikhoza kuonetsa malo anayi pambuyo pa kadontho koma awiri omalizawo ali abodza. Kambale kotentha kamasokonezanso sikelo ya m'galasi chifukwa mpweya wofunda umakwera m'mbali mwake, n'chifukwa chake timakadikira kazizire kaye. Mukaona dijiti yomaliza ikuvinavina osakhazikika, kapena mukayeza chinthu chimodzi katatu n'kupeza manambala osiyana pa malo achitatu, ndiye kuti muyeso wanu walekezera pa malo achitatuwo, ngakhale sikirini ikuonetsa achinayi.

Lamuloli siliwerengeranso kuchuluka kwa miyeso. Mukaphatikiza miyeso khumi, uliwonse wokayikitsa ndi 0.1 g, lamulo likuti yankho lilekezere pa malo oyamba pambuyo pa kadontho, ngati kuti kukayika kukadali 0.1 g. Zoona zake n'zakuti kwakula. Kukayika kwa miyeso yosadalirana kumaphatikizidwa motere: kukayika kulikonse mumakuchulukitsa ndi iko komwe, mumaphatikiza zonse, kenako mumapeza muzu wake.

```
u = √(u1² + u2² + u3² + ...)
```

Pa miyeso khumi ya 0.1 g uliwonse, zimenezi zikupereka pafupifupi 0.3 g. Dijiti yomaliza muilembabe, koma ngati lipotilo ndi lofuna kulondola kwambiri, lembani kukayikako poyera pambali pa yankho m'malo modalira madijiti okha.

Njira yomweyi ikuonetsanso chifukwa chake lamulo lachidule lija limagwira bwino pamene miyeso ndi yosiyana kwambiri. Bwererani ku chitsanzo chathu, mutenge kukayika kwa muyeso uliwonse ngati 1 pa dijiti yake yomaliza: 0.1, 0.01, 0.0001 ndi 0.001 g. Mukaziika m'njirayo mupeza 0.1005 g. Miyeso itatu yosamalitsayo yangoonjezera 0.0005 g pa kukayika kwa madzi. Choncho lipoti lokwanira likanati 134.2 ± 0.1 g.

Gwiritsani ntchito mzere uja musanayambe kuyeza

Phindu lalikulu la zonsezi limaoneka mukachita sitepe lachitatu lija papepala musanakhudze sikelo. Lembani zinthu zimene mukufuna kuphatikiza, pambali pake chipangizo chimene mukuganiza kugwiritsa ntchito ndi polekezera pake, kenako onani pamene mzere udutse. Ngati ukudutsa pafupi kuposa mmene ntchito yanu ikufunira, sinthani chipangizo cha muyeso umene ukulamulawo. Kusintha china chilichonse sikuthandiza. M'chitsanzo chathu, kuyezanso utoto pa sikelo ya m'galasi kuti mupeze 0.0618 g m'malo mwa 0.062 g sikusuntha kulemera konse ngakhale pang'ono, kudzakhalabe 134.2 g. Kungathandize pa peresenti ya utoto yokha. Koma mukayezanso madzi pa sikelo yapakatikati n'kupeza, mwachitsanzo, 125.43 g, mzere usunthira pa malo achiwiri. Kuphatikiza kupereka 134.2456, ndipo mulemba 134.25 g, madijiti asanu odalirika.

Musanathamangire ndi madziwo ku sikelo ya m'galasi, onani kulemera kumene iyo imalola, komwe kumalembedwa pa sikelo pomwepo. Masikelo ambiri otere amalekezera pafupi ndi 200 g, ndipo bika yagalasi yokhala ndi madzi a 125 g ikhoza kupitirira pamenepo. Komanso madzi osavundikira amauma pang'onopang'ono muli chiyang'anire, moti malo achinayi pambuyo pa kadontho azingotsika osakhazikika. Ngakhale mutapeza malo anayiwo, shuga akadali pa 8.27 g, ndiye mzere sungapitirire malo achiwiri mpaka shugayo mutamuyezanso.